Tabuleti yotchipa ingakwane pa magemu a mwana?

Makolo ambiri amene amagulira mwana tabuleti cholinga chawo chimakhala chimodzi: foni yawo ipume. Mwana wakhala akuilanda madzulo aliwonse, batire n'kuthera pa kamnyamata kothamanga panjanji, uthenga wa ku ntchito n'kufufutidwa mwangozi. Ndiye munthu amalowa m'sitolo ku Limbe kapena mu Malangalanga ku Lilongwe, n'kupeza matabuleti a mitundu yowala, ena obiriwira ena apinki, okhala ndi chikava cha labala chokhala ndi makutu, pamtengo wosafika theka la Samsung. Kodi n'kutaya ndalama?

Osati nthawi zonse. Magemu amene ana aang'ono amakonda ndi opepuka, ndipo ambiri ndi akale kuposa anawo. Subway Surfers, Candy Crush Saga ndi Hill Climb Racing anatuluka mu 2012, pomwe Temple Run 2 ndi My Talking Tom anabwera mu 2013. Anapangidwira mafoni a nthawi imeneyo, omwe lero tingawaseke. Akhala akunenepa chaka ndi chaka, komabe safuna makina amphamvu. Ngakhale boma, mu pulogalamu ya BEFIT yomwe inayamba kufika m'sukulu za pulayimale mu 2023, likuphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu pa matabuleti wamba okhala ndi maphunziro a m'Chichewa a bungwe la onebillion. Choncho kutchipa pakokha si mlandu. Vuto lili pakuti pansi penipeni pa msika pali matabuleti amene salephera chifukwa cha kulemera kwa gemu, koma chifukwa chakuti chinthu chimodzi m'kati mwake n'chochepa kwambiri, ndipo bokosi lake limanama za chinthu chomwecho.

Nambala yoyamba kuifunsa

Pa bokosi pamakhala manambala awiri othera ndi GB, mwachitsanzo 4GB ndi 64GB. Yaikuluyo ndi malo osungira zinthu. Yaing'onoyo ndi RAM, ndipo ndi imene imalamula ngati mwana asewere mwamtendere kapena azibwera kwa inu mphindi iliyonse akudandaula kuti "yafirizanso".

Malo osungira ali ngati nkhokwe, RAM ili ngati lichero. Chimanga chingadzaze nkhokwe, koma chimene mungapete panthawi imodzi ndi chokhacho chimene chakwana m'lichero. Gemu ikatsegulidwa, zithunzi zake, nyimbo zake ndi malamulo ake zimatapidwa kumalo osungira n'kuikidwa mu RAM. Koma gemuyo siipeza RAM ili yopanda kanthu. Android, pulogalamu yaikulu yoyendetsa tabuleti yonse, imakhala itatenga kale gawo lake, pamodzi ndi timapulogalamu ta Google timene timagwira ntchito mwakachetechete. Pa tabuleti ya 2GB, zimenezi zimadya pafupifupi theka. Gemu imapanikizika pa kotsalako.

RAM ikadzaza, Android sichenjeza munthu. Imangotseka pulogalamu ina kuti ipeze malo. Mungazindikire matendawa mosavuta: mwana ali pakati pa gemu, wakhudza mwangozi chithunzi chotsatsa malonda, chatsegula Play Store, ndipo pobwerera akupeza gemu ikuyambiranso pachiyambi, zonse zimene anapata zitapita. Kapena gemu imangozimiririka yokha n'kumusiya pa sikirini yoyamba. Anthu ambiri amati ndi vayirasi, n'kupita nayo kwa okonza mafoni kuti akaifulashe. Ikabwerako imachitanso chimodzimodzi, chifukwa palibe chimene chinawonongeka. Malo ndiwo ochepa.

Ndiye RAM yokwanira ndi yochuluka bwanji? Tabuleti ya 1GB isiyeni pashelefu, ngakhale wogulitsa atakuchotserani mtengo mpaka kukupatsani ndi mahedifoni. Google yeniyeniyo, imene inatulutsa Android Go mu 2017 ngati Android yopepuka ya zipangizo zofooka, inakweza malire pofika pa Android 13 Go kuti chipangizo chisachepere 2GB. Ya 2GB imatha kusewera magemu tatchula aja, imodzi panthawi, makamaka ngati ili ndi Android Go, koma ilibe mpata wa mawa. Ya 3GB ndi pamene mtima umayamba kukhala m'malo. Ya 4GB ndi imene ine ndingagule ndikanakhala kuti ndikufuna mwana akule nayo zaka ziwiri kapena zitatu, kenako n'kusiyira mng'ono wake.

Chenjerani ndi masamu a pa bokosi. Masiku ano mumaona polembedwa "8GB RAM" ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake timalemba tating'ono "4+4", kapena "2+2" pa imene ikudzitcha ya 4GB. Nambala yoyamba ndiyo RAM yeniyeni. Yachiwiriyo ndi gawo la malo osungira limene labwerekedwa kuti lizinamizira RAM, ndipo n'lochedwa kwambiri poyerekeza ndi yeniyeniyo. Samsung imaitcha RAM Plus, makampani ena ali ndi mayina awo. Imathandizako kuti pulogalamu imene mwaisiya kaye isatsekedwe msanga, koma siwonjezera liwiro la gemu imene ikuseweredwa. Pogula, werengani nambala yoyamba yokha.

Pali chinthu china chimene makolo sachiganizira. Pa magemu aulere, chimene chimalemetsa tabuleti yofooka nthawi zambiri si gemu, koma makanema otsatsa malonda amene amatulukira mwana akangogonja. Kanema aliyense amatapidwa pa intaneti, amadya bandulo yanu, ndipo amafuna malo ake mu RAM pamwamba pa gemuyo. Magemu ambiri a mtundu wa Subway Surfers ndi Hill Climb Racing amaseweredwa popanda intaneti. Mukayatsa `Airplane mode`, makanema ambiriwo sabweranso, batire imakhalitsa, ndipo tabuleti imene inkadodoma imayamba kuyenda bwino. Ichi ndi chifukwa chake sindiona phindu lowonjezera ndalama pa tabuleti yolowa simu khadi ngati ndi ya mwana. Ya wayifayi yokha imakwana: mumatsegula hotisipoti pa foni yanu, n'kupanga dawunilodi magemu amene mwasankha, kenako n'kutseka.

Pakauntala

Tiyerekeze kuti pamaso panu pali matabuleti awiri. Yoyamba ndi ya mainchesi 7, ya chikava chapinki, dzina la kampani yake simunalimvepo, ndipo bokosi likuti RAM 8GB, malo osungira 256GB, Android 13. Yachiwiri ndi Samsung Galaxy Tab A9 ya mu 2023, ya mainchesi 8.7, RAM 4GB ndi malo 64GB. Pa pepala yapinkiyo yaposa inzake kawiri pa RAM ndi kanayi pa malo, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Pamenepo pokha mutu uyenera kuima. Zipangizo za m'kati zimagulidwa pa msika umodzi wa dziko lonse, ndipo kampani yosadziwika singazipeze motchipa kuposa Samsung.

"Mayi, iyi ndi yamphamvu, ana akuikonda kwambiri," wogulitsa angatero. N'kutheka kuti iye sakunama dala. Akuwerenga bokosi lomwelo limene inu mukuwerenga. Yankho labwino ndi lofatsa: "Achimwene, tandiyatsireni ndiione kaye." Amene wakana kuyatsa wakuyankhani kale.

Ikayaka, musathamangire kukhulupirira zimene zalembedwa mu `Settings`, chifukwa opanga matabuleti achinyengo amasintha manambala a m'menemo kuti agwirizane ndi bokosi. Yambani ndi Play Store. Dinani kachithunzi ka pakona yakumanja kumwamba, kenako `Settings`, kenako `About`. Pansi pali mzere wakuti `Play Protect certification`. Pakalembedwa `Device is certified`, ndiye kuti mtundu wa tabuletiwo unadutsa m'mayeso a Google. Pakalembedwa `Device is not certified`, dziwani kuti magemu ena sadzaoneka mu Play Store ndipo ena adzakana kulowa. Kuti mufike pamenepa pamafunika kulowetsa akaunti ya Google. Ngati mwalowetsa yanu, musaiwale kuichotsa musanabweze tabuletiyo.

Kenako, pogwiritsa ntchito hotisipoti yanu, ikanimo kapulogalamu kakang'ono kaulere kotchedwa CPU-Z. Kamaonetsa zimene zili m'kati mwa chipangizo. Pa tsamba la `Device` pali `Total RAM`. Tabuleti ya 4GB yeniyeni imaonetsa nambala yocheperako pang'ono, monga 3.7GB, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Pa tsamba la `System` pali mzere umene achinyengo amaiwala kawirikawiri, wakuti `API Level`. Android iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya pamenepa: Android 14 ndi 34, Android 13 ndi 33, Android 11 ndi 30, Android 10 ndi 29, pomwe Android 8.1 ndi 27. Tabuleti yapinki ija ikamati ndi Android 13 koma `API Level` n'kuonetsa 27, ndiye kuti m'kati muli Android ya mu 2017 yovekedwa dzina latsopano. Ikanama pamenepa, palibe chifukwa chokhulupirira 8GB ndi 256GB zija. Ndipo mukaona pa tsamba la `SOC` dzina ngati MT6580, dziwani kuti ndi pulosesa yakale kwambiri imene singathe n'komwe kunyamula RAM ya 8GB.

Achinyengo ena ochenjera amapusitsa ngakhale mapulogalamu oterewa, choncho mayeso omaliza ndi gemu yeniyeniyo. Ikanimo imene mwana wanu amakonda. Sewerani mphindi zisanu, ngakhale anthu akuyang'aneni. Onani ngati kamnyamata kothamanga kaja kakutsatira chala chanu nthawi yomweyo, kapena kakuchedwa mpaka kugunda sitima. Kenako tulukani, tsegulani kamera, tsegulani YouTube, n'kubwerera ku gemu. Mukaipeza pamene munaisiya, RAM ilipo. Ikayambiranso pachiyambi, mwaona nokha zimene mwana azikumana nazo tsiku ndi tsiku. Gwiraninso kumbuyo kwake: kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma ikatentha mosasangalatsa m'manja pa gemu yopepuka chonchi, ibwezeni.

Pulosesa ndi malo osungira

Mawu akuti "octa-core" asakutengeni mtima. Amangotanthauza kuti pulosesa ili ndi timitima tisanu ndi titatu, osanena kuti n'tamphamvu bwanji. Galaxy Tab A7 Lite ya mu 2021 ili ndi pulosesa ya Helio P22T, ndipo timitima take tonse ndi ta mtundu wofooka wa Cortex-A53. Tab A9 ili ndi Helio G99, nayonso ya timitima 8, koma tiwiri mwa ito ndi ta Cortex-A76, tamphamvu kwambiri. Kusiyana kwake kumamveka pa chala. Lamulo losavuta ndi ili: mu CPU-Z mukaona A75, A76 kapena A78 pambali pa A55, pulosesayo ili ndi mphamvu yotsala. Mapulosesa otchipa a Unisoc T606 ndi T616 ali m'gulu limeneli. Mukaona A53 kapena A55 zokhazokha, magemu opepuka ayenda, koma musayembekezere zoposa pamenepo.

Pa malo osungira, 16GB ndi yochepa chifukwa Android imatenga gawo lalikulu musanaikemo kalikonse. Ya 32GB imakusiyirani pafupifupi 20GB, zokwanira magemu angapo ndi makatuni. Ya 64GB imakupumitsani kufufuta zinthu mwezi ndi mwezi. Memori khadi ndi yabwino pa makanema ndi nyimbo, koma magemu ambiri amakana kusamukirako, ndiye musagule ya 16GB poganiza kuti khadi idzakonza zonse. Malo akatsala pang'ono kudzaza, tabuleti yonse imayamba kuchedwa. Kawirikawiri wodzaza amakhala mwana yemweyo, ndi makanema ataliatali ojambula denga ndi mapazi ake.

Zimene maso ndi zala zimakumana nazo

Mwana sagwira tabuleti mowongoka. Amagona nayo pamphasa, amaipendeketsa, ndipo pambali pake pamakhala anzake awiri akusuzumira. Apa ndi pamene mtundu wa sikirini umaonekera. Matabuleti otchipitsitsa amakhala ndi sikirini ya mtundu wa TN, imene mitundu yake imada kapena kuyera mbuu mukangoipendeketsa pang'ono. Funani yolembedwa IPS, ndipo musadalire bokosi: tsegulani chithunzi chowala, pendeketsani tabuleti mbali zonse zinayi, muone ngati nkhope za pa chithunzicho zikusanduka. Pa manambala a kuwala kwa zithunzi, 1024 x 600 ndi wapansi kwambiri, zilembo zimaoneka zamanomano. Kuyambira 1280 x 800 pa sikirini ya mainchesi 8 zinthu zimaoneka bwino, ndipo kupitirira apo n'kungowonjezera ndalama komanso ntchito kwa pulosesa.

Chimene chimakwiyitsa mwana kuposa zonse ndi sikirini yosamva chala. Pali njira yoiyezera yosafuna pulogalamu iliyonse. Mu `Settings`, pitani pa `About tablet`, pezani `Build number` n'kuidina kasanu ndi kawiri motsatizana. Pa Samsung mzerewu uli m'kati mwa `Software information`. Mukatero pamatseguka gawo latsopano lotchedwa `Developer options`. M'menemo yatsani `Pointer location`. Tsopano chala chikamayenda, chizisiya mzere. Jambulani mizere m'mbali monse ndi m'makona. Pamene mzere ukuduka, pamenepo sikirini ndi yakufa. Ikani zala zisanu nthawi imodzi n'kuyang'ana pakona yakumanzere kumwamba, pamene pali chilembo `P`: payenera kuoneka 5. Ikamangowerenga ziwiri, magemu ofuna manja onse awiri azivuta. Mukamaliza zimitsani `Pointer location`, mizereyo ichoka.

Za kukula, ine ndimakonda ya mainchesi 8 kwa mwana wosafika zaka zisanu ndi ziwiri. Ya mainchesi 10 ndi yolemera m'timanja take, imagwa kawirikawiri, ndipo galasi lake ndi lodula kusintha. Kamera musaiwerengere n'komwe.

Batire imayezedwa ndi mAh. Tab A9 ili ndi 5,100mAh, ndipo pa tabuleti ya mainchesi 8 nambala ya pafupi ndi 5,000 ndi yabwino. Ya mainchesi 10 imafuna 6,000 kapena kuposa. Koma nambala iyinso imanamizidwa, ndiye pa mayeso a gemu aja yang'anani peresenti musanayambe ndi pomaliza. Ikatsika ndi 10 pa mphindi zisanu, siidzafika ola limodzi magetsi atathima. Yang'ananinso polowera tchaja. Kabowo kakale ka micro-USB kamalola waya kulowa mbali imodzi yokha, ndipo mwana akamakankha mokakamiza chagada, timano ta m'kati timathyoka. Ka USB-C kamalola mbali zonse ziwiri. Matabuleti ambiri a ana amafera pamenepa, makamaka mwana akamasewera ili pa moto, waya ukukokedwa uku ndi uku. Ndipo tsiku limene mudzaone sikirini ikutukuka kapena chivindikiro cha kumbuyo chikuyasamula, batire yatupa: ilandeni nthawi yomweyo, musaitchajenso.

Apa m'pamene dzina la kampani limagwira ntchito, osati pa ulemu ayi, koma pa zosinthira. Galasi la Samsung, Lenovo, itel kapena Tecno okonza mafoni amatha kulipeza kapena kuliyitanitsa. La tabuleti yopanda dzina, ikasweka, nthawi zambiri mumangouzidwa kuti "bwana, izi sizipezeka". Chikava cholimba cha labala ndi galasi loteteza pamwamba muziwerengere pa mtengo wogulira, ndipo lisiti likhale lolembedwa mtundu wa tabuletiyo ndi masiku amene mungaibweze.

Pamene yotchipa imathera

Zonsezi zikukhudza magemu opepuka. Koma mwana wa zaka zisanu amene lero akudyetsa mphaka wa My Talking Tom, akafika zaka zisanu ndi zinayi adzamva kwa anzake za Roblox, Minecraft ndi magemu a mpira. Amenewa ndi a gulu lina. Roblox siyenda popanda intaneti, ndipo m'kati mwake muli magemu ambirimbiri opangidwa ndi anthu osiyanasiyana, ena opepuka ena olemera. Pa 2GB imatsekeka pafupipafupi, ndiponso muli macheza ndi anthu osawadziwa amene kholo liyenera kuwayang'anira. Minecraft ndi yogula, ndipo imayenda pa tabuleti ya 3GB kapena 4GB mukachepetsa `Render Distance`, kutanthauza mtunda umene gemu imajambula patsogolo pa wosewera. Pa mpira, Dream League Soccer ndi yopepukirapo, pomwe eFootball imafuna malo ambiri ndi pulosesa yabwino. Play Store ikalemba kuti `Your device isn't compatible with this version`, palibe wokonza amene angasinthe zimenezo. Tabuletiyo yafika pa malire ake.

Ngati ndalama zanu zikungokwana yapinki ija, ganizirani tabuleti ya kampani yodziwika imene wina anagwiritsapo kale ntchito. Tab A7 Lite ya 3GB ndi 32GB, ngakhale ndi yochedwerapo, manambala ake ndi oona. Iyeseni mofanana ndi yatsopano, makamaka batire, ndipo mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona musanapereke ndalama. Ikafufutidwa akauntiyo isanachotsedwe, imadzafuna pasiwedi ya mwini wakaleyo ndipo simungadutse.

Abale a ku Britain kapena ku America amakonda kutumiza Amazon Fire, chifukwa kumeneko ndi yotchipa ndipo ya ana imabwera ndi chikava cholimba. Ndi tabuleti yoona, yosanama manambala, koma ili ndi zake. Fire 7 ya mu 2022 ili ndi RAM ya 2GB ndi sikirini ya 1024 x 600, ndipo matabuleti a Fire sabwera ndi Play Store. Magemu amachokera mu Amazon Appstore, momwe ena odziwika mulibe. Mlamu wanu akafunsa kuti atumize iti, mutchulireni gemu imene mwana amakonda kuti ayang'ane kaye ngati ilimo, kapena mupempheni tabuleti ya Android wamba ya 4GB.

Imene mwagulayo, musanaipereke m'manja mwa mwana, mutsegulireni akaunti yakeyake kudzera mu Family Link, pulogalamu yaulere ya Google imene imakhala pa foni yanu. Imakulolani kuika maola osewera pa tsiku ndi nthawi yogona, ndipo mungaikonze kuti gemu iliyonse yatsopano izidikira chilolezo chanu. Pa tabuleti ya RAM yochepa chilolezochi chimagwira ntchito ina yapadera: zotsatsa malonda zija zimakopa mwana kuika gemu ina pamwamba pa ina, iliyonse ndi timauthenga take togwira ntchito mwakabisira, mpaka tabuleti imene inkayenda bwino m'sitolo n'kuyamba kukwawa pakangotha mwezi. Magemu asanu kapena asanu ndi limodzi osankhidwa ndi inu amakwana, ndipo mwana akatopa ndi ina, fufutani kaye musanaike yatsopano.